Maso a Mwini ndi Maso a Mlendo

Munthu wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, polowa mu Lusaka ndi mseu waukuru wa kum'mawa, ayamba kuona nyumba za mzindawo asanafike pakati pace. Ca kufupi ndi Chelston ndi Avondale kuli komboni yochedwa Chainda. M'komboni yotere, monganso ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama, anthu a mitundu yambiri akhala khomo ndi khomo, ndipo yense apembedza monga anaphunzira kwao. Lacisanu Asilamu apita ku mzikiti. Loweruka ena abvala zoyera napita kukapemphera pa bwalo la pa thengo. Ndipo pa Sondo mabelu a machalichi alira uku ndi uku.

Kumudzi munthu akhoza kukalamba osaonako mapemphero a anthu a cipembedzo cina. Koma ana a kumudzi amene apita ku tauni kukaphunzira ubusa, uphunzitsi kapena unamwino, posacedwa apatsidwa nchito yakuti afotokoze cipembedzo cimene iwo satsata. Pamenepo pabuka funso lobvuta. Kodi adziwa bwino cipembedzo ndani, mwini wace amene anabadwiramo, kapena mlendo amene aciona ali kunja? Phunziro lino lionetsa kuti awiriwa aona zosiyana, kuti yense ali ndi khungu lace, ndi kuti wophunzira woona mtima ayenera kumva mwini poyamba asanagamule kanthu.

Makutu awiri

Kusiyana kumeneku kuoneka msanga pa cinenero. Mzungu wophunzira Cinyanja akamva wina akuti "lero" ndi wina akuti "lelo", ayesa kuti ndi mau awiri, pakuti m'cinenero cace malembo awiriwo asiyanitsa mau. Koma mwini Cinyanja angomva liu limodzi, ndipo sazindikira n'komwe kuti lilime lace lacita zosiyana. Tsono Mzungu yemweyo akamva "kuponya" ndi "kuphonya", ayesa kuti ndi liu limodzi, pamene mwana wamng'ono wa kumudzi adziwa kuti woponya mwala ndi wophonya mbalame sanacite cinthu cimodzi.

Apa ciri poyera kuti mlendo amva kanthu kamene kalipodi, koma kopanda nchito kwa eni. Ndipo agontha pa kanthu kamene kwa eni ndi kakukuru. Mwini naye adziwa cimene cisiyanitsa mau, koma sakhoza kufotokoza za lilime lace mpaka mlendo atamfunsa. Katswiri wina wa zinenero wa ku Amereka, Kenneth Pike, amene anathandiza pa nchito yomasulira Baibulo m'zinenero zambiri, analongosola kusiyanaku m'caka ca 1954, naonetsa kuti kupezekanso pa miyambo ndi pa mapemphero. Kuyambira pamenepo ophunzira za zipembedzo asiyanitsa njira ziwiri: kaonedwe ka mwini, kofotokoza cinthu ndi mau a amene acicita, ndi kaonedwe ka mlendo, kofotokoza cinthu ndi miyeso yocokera kunja.

M'mene mlendo anaonera Akristu

Akristu asaiwale kuti iwonso anafotokozedwapo ndi alendo. Ca m'ma 112, kazembe wa Ciroma dzina lace Pliniyo, wolamulira dziko la Bituniya, analembera kalata mfumu Trajano kufunsa cocita nao Akristu. Iye anafunsa anthu amene anataya cikhulupiriro, nazunzanso akazi awiri otumikira mu mpingo kuti aulule. M'kalatamo anafotokoza kuti Akristu asonkhana pa tsiku loikika kusanace, ayimbira Kristu monga ngati Mulungu, alumbira kuti sadzaba kapena kucita cigololo kapena kunama, ndipo pambuyo pace asonkhananso kudya cakudya wamba.

Mkristu wowerenga zimenezi abvomera kuti kazembeyo sananame. Nthawi, nyimbo, lumbiro ndi cakudya, zonse anaziona bwino. Koma ponena za tanthauzo lace, iye anangopezamo zikhulupiriro zopusa ndi zopitirira muyeso. Za cikhululukiro ca macimo, ndi za ciyembekezo cimene cinalimbitsa ena kufa osakana Ambuye wao, kalata yace inalibe mau. Anaona citseko, osaona za m'nyumba. Tsono Mkristu amene amva cisoni kuti makolo ace m'cikhulupiriro anayesedwa cotero, asamale kuti iye asayese anzace ndi muyeso womwewo.

Alendo awiri a ku Marrapodi

Kumpoto kwa Lusaka, pafupi ndi Mandevu, kuli komboni ya Marrapodi. M'zaka za m'ma 1970 munali mipingo iwiri ya Apostoli yocokera ku dziko la Zimbabwe, limene pa nthawiyo linkachedwa Rhodesia. Wina unali wa Johane Maranke, amene anayamba kulalikira m'caka ca 1932 kufupi ndi Mutare, namwalira mu 1963. Wina unali wa Johane Masowe, amenenso anayamba mu 1932. Anthu ace anakhala zaka zambiri ku Korsten, ku Port Elizabeth, akuluka madengu ndi kusula zitini, mpaka boma la South Africa linawacotsako mu 1962. Ambiri a iwo anafika ku Lusaka, ndipo Masowe mwini anamwalira ku Ndola mu 1973.

Kwa munthu wongopita pa njira mipingo iwiriyi inali umodzi. Onse asunga Loweruka, onse apemphera panja, akazi abvala zoyera, amuna ameta mpala nasunga ndebvu, ndipo anthu a mu Lusaka ambiri angowachula onse Azezuru. Koma kwa eni ace, wa kwa Maranke ndi wa kwa Masowe ali ndi mneneri wosiyana, mbiri yosiyana ndi akuru osiyana. Ici ndi colakwa coyamba ca mlendo: amanga mtolo umodzi zinthu zimene eni azilekanitsa, cifukwa maso ace akodwa ndi cobvala.

Ku Marrapodi kunafika ophunzira awiri, ndipo anatenga njira ziwiri. Woyamba anali Clive Dillon-Malone, wansembe wa Katolika wa gulu la Ajezuiti, amene anaphunzitsa pa Yunivesite ya Zambia. Iye anafufuza za anthu a Masowe, natulutsa buku lace mu 1978. Sanalowe mpingo wao, anakhalabe wansembe. Koma anasonkhanitsa maumboni a Apostoli eni ace onena za mneneri wao, nawapatsa malo m'buku lace, kuti wowerenga amve mau a eni pambali pa mau a mlendo.

Waciwiri anali Bennetta Jules-Rosette, mai wa ku Amereka wophunzira za kakhalidwe ka anthu. Iye anafufuza za anthu a Maranke ku Congo ndi ku Zambia. Anafika ngati mlendo wodzaona ndi kulemba, koma pambuyo pace anabatizidwa nakhala mmodzi wa iwo, ndipo sanabise zimenezi m'buku lace la 1975. Maiyu anayesanso cinthu cina canzeru. Anapereka makina ojambulira kanema kwa Apostoli eni ace kuti ajambule mapemphero ao, nayerekeza zithunzi zao ndi zojambulidwa ndi alendo. Nchitoyi anaifotokoza mu 1977 pamodzi ndi mnzace Beryl Bellman, amene anacita zofanana ku Liberia. Makina anali amodzimodzi, koma m'mene anawalozera eni ndi m'mene anawalozera alendo munali mosiyana, pakuti munthu aloza makina kumene mtima wace uyesa kuti kuli kanthu.

Kabuku ka mizere itatu

Kuti njira yace imveke bwino, nayi nkhani yofanizira. Mnyamata wa pa sukulu ya ubusa ali pa chuti kwa amalume ace ku Chainda, ndipo aphunzitsi ace amuuza kuti akalembe za Apostoli a Maranke. Iye adziwa kale zimene anthu anena za iwo, koma zimenezo si umboni. Cotero ayamba ndi kupita kwa mkuru wa mpingowo pa tsiku la pakati pa mlungu, nadziulula poyera.

"Atate," atero mnyamatayo, "ine ndine wa mpingo wina, ndipo ndikuphunzira ubusa. Sindinadze kudzalowa mpingo wanu kapena kudzatsutsana nanu. Ndipempha cilolezo cakuti ndione mapemphero anu ndi kulemba. Mundiuze pamene mlendo ayenera kukhala, ndi zimene sayenera kucita."

Kudziulula kumeneku ndiko maziko a nchito yonse. Wobisa colinga cace adzamva zambiri msanga, koma adzakhala ataba. Ndipo tsiku limene eni adzazindikira, khomo lidzatsekeka kwa iye ndi kwa ena odza pambuyo pace.

Atalandira cilolezo, mnyamatayo alemba mizere iwiri yotsika pa tsamba liri lonse la kabuku kace, kuti pakhale zipinda zitatu. M'cipinda coyamba alemba zimene maso ace aona ndi makutu ace amva, popanda liu loweruza. M'caciwiri alemba zimene eni anena kuti ndilo tanthauzo lace, ndi mau ao omwe. M'cacitatu alemba maganizo ace. Lamulo lace ndi limodzi: kanthu ka m'cipinda cacitatu kasalowe m'coyamba.

Pa Loweruka masana afika pa bwalo pamene pacitika mapemphero ochedwa kereke. Aona kuti anthu abvula nsapato. Aona aneneri ataimirira awiriawiri ngati cipata, ndipo anthu apyola pakati pao polowa. Amuna, ndodo zao ziri m'manja, akhala mbali yina, akazi mbali yina, kuyang'anana, ndipo pakati patsala mpata. Mlaliki ayenda mumpatamo. Wina awerenga Mau pang'onopang'ono, mlaliki nabwereza ndi kumasulira. Koma ulaliki uli m'kati, mai wina ayambitsa nyimbo, onse nalandira, ndipo mlaliki aleka kulankhula. Nyimbo itatha apitiriza, ndipo posacedwa nyimbo yina imdulanso.

Mnyamatayo anakulira mu mpingo m'mene mbusa akakwera pa gome onse akhala cete mpaka Amen. Cotero dzanja lace lifulumira kulemba kuti: "Akazi anasokoneza ulaliki." Koma liu lakuti "anasokoneza" si la maso ai, ndi la mtima, licokera ku mwambo wa chalichi ca kwao. Alifafaniza, nalemba kuti: "Mai wina anayamba nyimbo mlaliki ali pakati pa mau, anthu onse anayimba, mlaliki anaima, ndipo atatha anapitiriza." Ici ndi cizindikiro codziwira kuti kalembedwe kapotoka: ngati m'cipinda coyamba mupezeka mau onga phokoso, cisokonezo, kunamizira kapena kupusa, ndiye kuti mlendo waweruza asanamve.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamatayo abweranso Loweruka laciwiri, lacitatu ndi lacinai, ndipo tsopano aika cizindikiro pa nthawi iri yonse imene nyimbo idula ulaliki: ndani waiyamba, mlaliki anali kunena ciani, ndipo wacita ciani pambuyo pace. Apeza kuti mlaliki sakwiya, akuru sadzudzula woyimbayo, ndipo onse adziwa polandira ndi polekera. Cinthu cimene cibwerezedwa mlungu ndi mlungu popanda wodabwa si ngozi, ndi mwambo. Pamenepo afunsa mai wina wacikulire.

"Amai, kodi mlaliki sakhumudwa pamene mumdula ndi nyimbo?"

"Mwana wanga," ayankha maiyo, "ife sitimdula. Timthandiza. Mau akafika pa mtima tiwalandira ndi nyimbo, ndipo akatalika kapena akasocera, nyimbo imbweza pa njira."

Zimenezi zigwirizana ndi zimene Jules-Rosette anapeza, kuti pakati pa Apostoli nyimbo ndi njira imene mpingo uwongolera ulaliki, ndi kuti akazi, amene salalikira pa kereke, amveketsa liu lao mwa nyimbozo. Tsono cipinda caciwiri cadzala, ndipo cimene cinaoneka ngati kupanda mwambo capezeka kuti ndi mwambo wa mtundu wina. M'cipinda cacitatu mnyamatayo ali ndi ufulu wakulemba kuti iye akonda ulaliki wosadulidwa, ndi zifukwa zace. Koma tsopano atsutsa cinthu cimene ciripodi, osati cithunzi ca m'mutu mwace.

Kuwerengera eni

Atatha kulemba, patsala muyeso wina. Wilfred Cantwell Smith, mbusa wa ku Canada amene anaphunzitsa pakati pa Asilamu ku Lahore, anaika lamulo mu 1959 lakuti mau ofotokoza cipembedzo ca anthu ena sayenera kuyesedwa oona ngati okhulupirira eni ace sakhoza kuwabvomera. Potsata lamuloli, mnyamatayo atenga zipinda ziwiri zoyamba nakawerengera eni. Akati, "Inde, ndife amenewo," nchito yayenda bwino. Akaseka, kapena akati, "Amenewo si ife," pali polakwika.

Pa cipata ca aneneri, mwacitsanzo, mlendo akhoza kulemba kuti aneneri aima pamenepo kuletsa alendo. Eni adzamkonza kuti cipataco ndi ca iwo eni, pakuti akhulupirira kuti Mzimu aonetsa aneneri macimo obisika, kuti munthu aulule asanalowe pa malo opatulika. Wophunzira sakakamizidwa kukhulupirira kuti mneneriyo aonadi za mumtima. Cimene afunika ndi kulemba molungama kuti eni akhulupirira cotero, ndi kuti cifukwa cace ena apyola pa cipatapo ndi mantha.

Khungu la mwini

Koma lamulo la Smith liri ndi malire ace, ndipo wophunzira awadziwe. Coyamba, eni sanena ndi pakamwa pamodzi. Johane Maranke atamwalira mu 1963, panauka mkangano wa utsogoleri ndipo ena anapatuka. Wofunsa mbali imodzi yokha adzalemba mbiri ya mbali imodzi. Ngakhale mu mpingo umodzi, mkuru, mkazi waciwiri wa pa mitala, ndi mnyamata wa pa sukulu sayankha cimodzimodzi. Cifukwa cace wophunzira awerengere anthu osacepera atatu a misinkhu yosiyana, ndipo amvenso wina amene anaturukamo. Koma akumbukire kuti woturuka alankhula ndi bala, monga wotsala alankhula ndi cikondi.

Caciwiri, mwini sazindikira zimene anazolowera. Munthu sadzimva pfungo la nyumba yace. Mlendo ndiye akhoza kuyerekeza, ndi kuona kuti Johane Maranke anakulira pakati pa a Methodist, ndi kuti mipingo yambiri yotere inabuka pa nthawi imene anthu akuda analandidwa minda ndi ulamuliro. Mwini adzati mpingo unayamba cifukwa ca masomphenya a mneneri, ndipo mbiri ya dziko sadzaichula. Mau onse awiriwo alembedwe, lina m'cipinda cace, lina m'cipinda cace. Paja akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Cacitatu, pali zinthu zimene sizisintha ngakhale eni azimasulire bwanji. Apostoli a Maranke aphunzitsa kuti wodwala aciritsidwe ndi pemphero, osati ndi mankhwala a ku cipatala kapena a sing'anga. Kwa mwini, kukana mankhwala ndi kukhulupirika kwa Mulungu, ndipo wophunzira amene angolemba kuti ndi umbuli sanamve kanthu. Koma mu 2022 nthenda ya cikuku inabuka m'dera la Manicaland ku Zimbabwe, ndipo pofika mwezi wa Sepitembala ana pafupifupi 700 anali atamwalira m'dzikomo. Boma linanena kuti ambiri a iwo sanalandire katemera, ndi kuti nthendayo inafalikira pa misonkhano ya mipingo. Si Apostoli onse akana katemera, ndipo atsogoleri ena alimbikitsa anthu ao kumlandira. Komabe manda a anawo alipo, ndipo wophunzira amene awabisa pofuna kukondweretsa eni wataya coonadi.

Apa ndi pamene phindu la kumva mwini lioneka. Namwino kapena mbusa amene afika pa khomo ndi mau akuti, "Inu simudziwa kanthu," adzatsekeredwa panja, ndipo mwana sadzathandizidwa. Koma amene adziwa kuti kholo liopa kucimwira Mulungu ndi kutsutsidwa pa cipata ca aneneri, adziwanso kuti ayenera kulankhula ndi akuru a mpingo poyamba, ndi kuti nkhani yace iyenera kuyankha manthawo. Kumvetsa si kubvomereza, koma popanda kumvetsa kudzudzula kungogwera pa thanthwe.

Kodi wophunzira alowe mpaka pati?

Ena anena kuti munthu sangadziwe cipembedzo ngati sanalowemo. M'mau amenewa muli coona, pakuti kukoma kwa Mgonero wa Ambuye sakudziwa wongoyang'ana pa zenera. Koma wolowa naye alipira mtengo. Apatsidwa malo amodzi, a amuna kapena a akazi, ndipo aona zonse kucokera pamenepo. Amangidwa ndi malamulo a mpingo, ndipo zina zimene amva sakhozanso kuziulula. Owerenga buku lace adzafunsanso ngati akufotokoza kapena akulalikira. Amene akhala kunja ataya za m'kati, koma asunga ufulu wakufunsa ndi wakuyerekeza. Palibe mpando umene munthu aonerapo zonse.

Kwa Mkristu malire ali poyera. Kubvula nsapato, kukhala pamene auzidwa, kubvala modzilemekeza ndi kukhala cete pa pemphero, zimenezi ndi ulemu wa mlendo pa mudzi wa eni. Koma kubatizidwa, kuulula macimo kwa mneneri, kapena kulumbira lumbiro pongofuna kupeza zolemba, kumeneko ndi kunama pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa eni. Jules-Rosette analowa poyera nauza owerenga ace. Wolowa monyenga alibe cowiringula cotero. Ndipo wophunzira amene aona kuti mtima wace wayamba kugwedezeka asabise, koma akambe ndi mbusa wace kapena aphunzitsi ace.

Mtumwi Paulo anaonetsa njira imeneyi ku Atene, monga kwalembedwa pa Macitidwe 17:16-34. Mtima wace unabvutika poona mafano, koma sanathawe kapena kuyamba ndi kutukwana. Anayendayenda mumzinda napenyetsetsa zimene anthu apembedza, mpaka anawerenga ngakhale malembo a pa guwa lina la nsembe. Anadziwanso mau a alakatuli ao, nawachula pa bwalo la Areopagi. Sanapereke nsembe pa guwalo, ndiponso sanabise za kulapa ndi za kuuka kwa akufa, ngakhale ena anamseka. Anayamba ndi kuona, nanena za iwo zimene iwo eni sanakane, ndipo pamenepo anapereka umboni wace.

Lamulo lacisanu ndi cinai liletsa umboni wonama pa mnansi, ndipo silipatula mnansi wa cipembedzo cina. Mlaliki amene aimirira pa gome ndi kunenera Apostoli, Asilamu kapena a gule wamkuru zinthu zimene anangomva pa mseu, walakwira lamulolo, ngakhale colinga cace cikhale cabwino. Ndipo m'gulu la omvera ace mukhoza kukhala wina amene mai wace ali wa kumeneko. Iye adzazindikira bodzalo, nakayika ndi zina zonse zimene mlalikiyo anena.

Mafunso okambirana

1. Ngati munthu wosadziwa Cikristu akadafika pa tsiku la Mgonero, akadalemba ciani m'cipinda coyamba? Nanga ndi ziti zimene sakadaziona?

2. Ndi mau ati amene anthu a mu mpingo achula nao a cipembedzo cina ca pafupi, amene eni ace sakhoza kuwabvomera?

3. Pa nkhani ya mwana wodwala cikuku, kodi mkuru wa mpingo angalankhule bwanji ndi kholo lokana katemera, osanyoza cikhulupiriro cace ndiponso osabisa coonadi?

4. Pa Macitidwe 17, ndi ziti zimene Paulo anacita asanatsegule pakamwa pace?